Ngongole ya kuholoselo yandipanikiza: ndiwapemphe bwanji kuti ndizibweza pang'onopang'ono?

"Ndili ndi golosale ku Santhe, m'boma la Kasungu. Kwa zaka zinayi ndakhala ndikupikula katundu kuholoselo ina ku Malangalanga, ku Lilongwe, ndipo sindidaphonyepo tsiku lolipira. Mu Disembala ndidatenga katundu wa K2,400,000 pangongole yoti ndibweze pa 31 Januwale. Kwatsala masiku 12 koma m'manja ndili ndi K800,000 yokha. Anthu ali nane ngongole ya K600,000, ndipo katundu wa Khirisimasi wa pafupifupi K900,000 wangokhala pashelefu. Pasabata ndikugulitsa K1,000,000 basi. Bambo akunyumba akuti ndiyambe ndapikula kwina mpaka fodya agulidwe, mnzanga akuti nditenge katapila. Ine manyazi andigwira. Ndikawauze bwanji abwanawo osataya chikhulupiriro chawo?"
Mayi wa golosale, Santhe

Mayi, khazikani mtima pansi. Ndidagwira ntchito yolemba mabuku a ngongole kuholoselo ina ku Limbe kwa zaka zoposa khumi, ndipo chaka chilichonse ikafika sabata yachitatu ya Januwale tinkadziwa kale kuti ndalama zichedwa. Anthu amakhala atalipira fizi ya ana, agula feteleza wobereketsa, ufa wayamba kuvuta m'midzi, ndipo wogula amene mu Disembala ankatenga botolo la mafuta la malita awiri tsopano akupempha mafuta oyeza pakasupuni. Abwana anuwo zimenezi akuzidziwa kuposa inu, chifukwa m'buku mwawo muli mayina ambirimbiri a anthu amene ali m'madzi omwewo. Zoti mwaperewera sizingawadabwitse. Chimene akudikira kuti aone n'chakuti kodi mukaperewera mumakhala munthu wotani.

Buku lathu linali ndi cholembera chofiira chomangirira ndi ulusi pachikuto. Dzina la munthu wochedwa kulipira sitinkalidula mzere wofiira ayi. Mzerewo tinkaudula pansi pa dzina la amene taimbira foni katatu osayankha, kapena amene watiuza kuti "ndili panjira" masiku atatu otsatizana. Bwana wanga ankati munthu wochedwa amamulembera tsiku lina, koma munthu wosowa amamulembera kalata ya loya. Ndiye chinthu choyamba n'chakuti mupite sabata ino, tsiku lisanakwane. Mukapita pa 22 Januwale, muli kasitomala amene wabwera kudzakonza zinthu. Mukapita pa 5 Febuluwale atakuimbirani okha, mawu anu adzakhala omwewo koma adzamveka ngati zifukwa za munthu wogwidwa. Pali chifukwa chinanso. Abwanawo nawo ali ndi ngongole kwa amene amawapatsa shuga, sopo ndi mafuta, ndipo ndalama yanu ya pa 31 aiwerengera kale. Mukawauza msanga, ali ndi masiku oti asakesake kwina. Mukawasiya mpaka tsikulo, mwawachititsa manyazi kwa anthu awo, ndipo mkwiyo wa zimenezo ndi umene umakhalitsa.

Maganizo a bambo akunyumba ndikuwamvetsa, amachokera pofuna kukutetezani, koma ndi amene angaphe ubale wa zaka zinayiwu mwachangu kuposa china chilichonse. Ku Malangalanga palibe chinsinsi. Anyamata onyamula katundu ndi omwewo, amalole ndi omwewo, ndipo ogwira ntchito m'maholoselo amadyera chipisi pamalo amodzi. Tinali ndi kasitomala wina wa ku Thyolo amene adatizimitsira foni ali ndi ngongole yathu. Patapita sabata ziwiri, mnyamata wathu wa wilibala adangobwera n'kunena kuti, "Abwana, mkulu uja ndamukwezera mabelo a shuga kuseri kuja, walipira kashi." Tsiku lomwelo dzina lake lidadulidwa mzere, ndipo ngakhale adamaliza kulipira pambuyo pake, sadapatsidwenso katundu wa ngongole ngakhale katoni imodzi ya machesi. Kwa mwini holoselo, kukuonani mukugula kwina ndi kashi kumatanthauza kuti mwatenga ndalama ya katundu wake n'kukalemeretsa mnzake wopikisana naye.

Za katapila ndingozidula mwachidule ndi masamu. Akatapila amene ndawaona pantchito yanga, wachifundo amafuna K30 pa K100 iliyonse pamwezi, ena amafika theka. Kuti mukwanitse tsiku lija mungafunike kukongola K1,600,000, ndiye kuti chiwongoladzanja chokha ndi K480,000 mwezi uliwonse. Golosale ya kumudzi ikamayenda bwino imapeza pafupifupi K12 pa K100 iliyonse yogulitsa, kutanthauza K120,000 pasabata kwa inu, K480,000 pamwezi. Phindu lonse la mwezi lingapite kwa wakatapila musanalipire lendi, ndipo ngongole yeniyeniyo ili chiimire. Manyazi a mphindi makumi awiri mu ofesi ya abwana ndi otchipa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo.

Tsopano tifike pa ntchito imene muyenera kuichita musanakwere minibasi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. Amapita ndi mtima wabwino, abwana akawafunsa kuti "ndiye muzibweretsa zingati?", amatchula nambala yoti iwasangalatse abwanawo, osati yoti golosale ingakwanitse. Lonjezo loyamba mukaphonya amakumvetsani. Lachiwiri, limene mwalipempha nokha ndi pakamwa panu, mukaliphonya ndiye kuti mawu anu atha mtengo.

Khalani pansi usiku umodzi ndi kope. Funso ndi lakuti, ndalama yobweza ichokera kuti? Ambiri amati "ndizitapa pa zogulitsa." Koma pa K1,000,000 imene mukugulitsa pasabata, K880,000 si yanu, ndi ya katundu amene ayenera kubwerera pashelefu. Mukatapa pamenepo, sabata yotsatira mulibe shuga, makasitomala apita kwa aneba, zogulitsa zitsika, ndipo gawo lachitatu la ngongole simulikwanitsa. Malo enieni otapapo ndi atatu okha.

Oyamba ndi phindu lotsala. Pa K120,000 ija chotsani lendi, malipiro a mnyamata, thiransipoti yopita ku Lilongwe ndi magetsi. Ndiyerekeze kuti zonsezi zimadya K65,000 pasabata, ndipo pakhomo pamapita K30,000. Inu muikepo manambala anu enieni, ndipo ya pakhomoyo musainame, muwerengere ndi shuga ndi sopo amene ana amangotenga pashelefu. Pa kuyerekeza kwangaku patsala K25,000.

Achiwiri ndi kope la ngongole za makasitomala. Pano musadzinyenge. Litsegulani mugawe mayina pawiri: amene amalandira pamwezi, monga aphunzitsi, azaumoyo ndi alangizi, ndi amene akudikira zokolola. A gulu loyamba mungathe kuwatolera m'masiku a malipiro, ngati mufika msanga ndalama isanathe. A gulu lachiwiri, ngakhale muwayendere tsiku ndi tsiku, alibe mpaka atagulitsa soya, mtedza kapena fodya. Ine ndimawerengera theka lokha, K300,000, ndipo ndikaigawa pa masabata 12 ikupereka K25,000 pasabata. Kope limenelo muliyimitse kaye kwa aliyense amene sadabweze yakale. N'zowawa kukaniza munthu wa mpingo umodzi mu Febuluwale, koma simungapemphe nthawi ku Lilongwe kwinaku mukugawa katundu wa eni ake ku Santhe.

Achitatu ndi katundu wogona uja. Ameneyo ndi ndalama imene yavala makatoni. Msankhuleni. Makatoni osatsegula, aukhondo, amene tsiku lake lotha ntchito lili kutali, muwaike padera, chifukwa mukapempha kuti abwerere. Tinene kuti akukwana K300,000. Wotsalayo, wa K600,000, mugulitseni pamtengo umene mudagulira, ngakhale kutsikirapo pang'ono pa mabisiketi ndi zakumwa zimene masiku ake ayandikira. Ndikudziwa kuti mtima umakana kugulitsa popanda phindu, koma katoni ya mabisiketi imene ithe ntchito mu Epulo phindu lake lidapita kale, chatsala n'kupulumutsa mpamba. Muwatulutse pakhonde tsiku la msika, muwapatse a maokala ang'onoang'ono pamtengo wopikulira. Mukamagulitsa wa K50,000 pasabata, pa masabata 12 watha.

Mukaphatikiza zitatuzi mupeza K100,000 pasabata. Musalonjeze K100,000. Lonjezani K80,000. Mu Febuluwale muli sabata ya mvula yosalekeza imene msika sukhala, muli maliro, muli malungo a mwana. K20,000 yotsalayo muziisunga padera kuti idzakwirire sabata yoipa. Nambala yabwino ndi imene mungaipereke pa sabata yoipitsitsa, ndipo ngati zinthu zayenda n'kupereka yoposa, abwana adzaona munthu wochita zoposa zimene adanena.

Nanga K800,000 ili m'manjayo? Mtima ukuuzani kuti muipereke yonse kuti aone kudzipereka kwanu. Musatero. Perekani K500,000 pangongole, ndipo K300,000 mugulire katundu woyenda msanga, shuga, mchere, sopo, mafuta, soya pisi, machesi, kwa iwo omwewo, tsiku lomwelo, ndi kashi. Musabise kuti mwatero. Muwauze poyera kuti, "Ndili ndi K800,000. Ndikapereka yonse ndikatseka golosale, ndipo sindidzakhala ndi pobwezera." Mwini holoselo wanzeru amafuna shopu yanu ikhale yotsegula, chifukwa ngongole yake ibwera kuchokera pakauntala panupo.

Ndondomeko yonse ndiye iyi. Pa K2,400,000 chotsani K500,000 ya tsikulo ndi K300,000 ya katundu wobwezedwa, patsala K1,600,000. Kuyambira sabata yoyamba ya Febuluwale muzipereka K80,000 Lachisanu lililonse kwa masabata 12, imene ndi K960,000, ndipo zikufikitsani kumapeto kwa Epulo. Yotsala K640,000 muimalize m'masabata anayi a Meyi, K160,000 pasabata. Ndaika magawo akuluakulu mu Meyi mwadala. Misika ya fodya monga wa Kanengo ndi wa Chinkhoma imakonda kutsegulidwa mu Epulo, koma kutsegula kwa msika si tsiku limene ndalama imafika m'thumba la mlimi wa kwanuko. Mabelo amayamba adikira pamzere, ndalama imadzera kubanki, ndipo mlimi amayamba wabweza ngongole ya feteleza asanakumbukire ya golosale. Amene amalonjeza kuti "ndimaliza fodya akangotsegula" nthawi zambiri amaphonya ndi mwezi wathunthu.

Ndasankhanso kulipira pasabata m'malo mwa pamwezi. Ndalama ya golosale ikagona m'kabati masiku 30 imapeza ntchito ina, mlamu adwala, njinga iwonongeka. Komanso kumbali ya holoselo, dzina limene likuoneka m'buku Lachisanu lililonse limakhazika mtima pansi kuposa limene limaoneka kamodzi pamwezi, ngakhale ndalama yake ikhale yofanana.

Za kalankhulidwe. Muyambe mwaimba foni, koma nkhaniyo musaikambe pafoni kapena pa WhatsApp. Mungoti, "Bwana, ndili ndi nkhani ya akaunti yanga, ndimafuna ndikuoneni Lachitatu kapena Lachinayi, nthawi imene muli ndi mpata." Pewani Lolemba m'mawa ndi Loweruka, pamene malole akutsitsa katundu ndipo aliyense akukuwa. Ndipo muonane ndi amene ali ndi mphamvu yosintha tsiku, mwini wake kapena woyang'anira ngongole. Mnyamata wa pakauntala kapena selezimani amene amakubweretserani katundu akhoza kukuuzani kuti "palibe vuto, mayi, ndikawauza," koma iye sangalembe kanthu m'buku, ndipo mwina sakawauza n'komwe poopa kukalipiridwa.

Mukakhala pansi, mutatha moni, musazungulire. Mawu ake angakhale otere: "Bwana, pa 31 ndimayenera kubweretsa K2,400,000. Sindikwanitsa yonse, ndiye ndati ndibwere ndekha tsiku lisanafike. Ndidaoda katundu wambiri wa Khirisimasi kuposa amene msika wathu ukadatha, kulakwitsa kumeneko n'kwanga. Lero ndabwera ndi K500,000 ya ngongole ndi K300,000 yogulira katundu. Yotsalayo ndalemba apa mmene ndingabwezere." Kenako muwapatse pepalalo, mukhale chete, awerenge. Kukhala chete kumeneko n'kovuta, pakamwa pamayabwa kuti muwonjezere zodandaula, koma dzigwireni.

Chifukwa chake chikhale chimodzi, choona, chachifupi. Tinali ndi bambo wina amene chaka chimodzi adaika maliro a apongozi ake katatu, ndipo kalaliki mnzanga adayamba kulemba m'mphepete mwa buku kuti "apongozi, kachiwiri." Tinkaseka, koma tsiku limene bamboyo adaferedwadi palibe adamukhulupirira. Pewaninso mawu opanda tsiku, monga "ndikangopeza," "zinthu zikayenda," "posachedwapa." Kunena kuti Mulungu akalola n'kwabwino, tonse timatero, koma patsogolo pake pakhale deti ndi nambala. Ndipo zaka zinayi zija musazitchule ngati mukulipiritsa, kuti "ine ndakugulani nthawi yaitali, simungandikanize." Iwo ali ndi buku, akudziwa. Zisiyeni zikulankhulireni zokha.

Musanagwirizane kanthu, pemphani kuti akuonetseni akaunti yanu, muifananize ndi mainvoisi ndi malisiti anu. Kangapo konse ndidapeza kuti kasitomala akuti ngongole ndi yakuti, ife tikuti ndi yakuti, kusiyana kwake kuli pa katoni imene idafika yophwanyika kapena ndalama imene idaperekedwa kwa dalaivala osalembedwa. Zimenezi zikatulukira pa gawo lomaliza mu Meyi zimabala mkangano woipa. Zithetseni pachiyambi, nambala ikhale imodzi.

Tsopano muyembekezere kuti abwanawo sangangovomera zonse. Pa katundu wobweza, ena amakana, ena amalandira koma amadulapo kanthu, chifukwa nawonso zakumwa za Khirisimasi zawatsalira m'nyumba yosungira katundu. Akakana, musakakamire. K300,000 imeneyo muiwonjezere kumapeto, masabata awiri a Juni, ndipo katunduyo mukamgulitse nokha. Akhozanso kunena kuti miyezi inayi yatalika. Apa musathamangire kukweza K80,000 ija kuti muwasangalatse. Muwaonetse kope, aone okha pamene nambalayo yachokera, ndipo ngati pali poti musunthe, sunthani magawo a Meyi kapena lonjezani kuti mlimi aliyense akabweza ngongole yake msanga, ndalamayo ipita kwa iwo sabata yomweyo.

Nkhani imene ingakudzidzimutseni ndi ya kuwonjezera. Muwamvetse. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo chaka cha 2022 mu Meyi idagwanso ndi 25 peresenti. Aliyense amene adali ndi ndalama kunja m'manja mwa makasitomala nthawi imeneyo adalandira ndalama yosakwana kugulanso katundu yemwe adakongoza. Kuyambira pamenepo eni maholoselo amaopa ngongole yotalika. Ndiye akapempha kuti muwonjezere kanthu chifukwa cha kudikira, si nkhanza. Chofunika n'chakuti chowonjezeracho chikhale nambala yodziwika lero. Akati K80,000 pamwamba pa K1,600,000, imene ndi K5 pa K100 pa miyezi inayi yonse, ine ndingavomere mosazengereza, ndi gawo limodzi lowonjezera basi. Chimene muyenera kukana mwaulemu ndi chakuti "muzilipira pamtengo wa tsiku limenelo." Pamenepo ngongole yanu ilibe malire, mafuta akakwera mu Malichi nayonso yakwera, pamene inu mafutawo mudagulitsa kale pamtengo wakale.

Akhozanso kukuuzani kuti katundu wa ngongole wayima mpaka mutamaliza. Musakhumudwe, ndipo ndikadakhala inu ndikadayamba ndine kunena zimenezo. Kusakaniza ngongole yakale ndi yatsopano ndi njira imene ndaona ikumiza anthu ambiri: walipira K80,000, watenga katundu wa K150,000 pangongole, ndipo pakutha pa miyezi itatu ngongole yakula pamene iye akuona ngati akubweza. Yakale iyime payokha, izingotsika. Zatsopano zonse kashi, ndipo lisiti la gawo la ngongole likhale losiyana ndi la katundu wa tsikulo.

Zimene mwagwirizana zilembedwe. Sipafunika loya pa ndalama ngati imeneyi, pepala limodzi likwana: ngongole yonse, zimene mwapereka lero, magawo ndi madeti ake, njira yolipirira, chowonjezera ngati chilipo, ndi chimene chidzachitike mukaphonya. Musayine nonse, aliyense atenge lake, ndipo mulijambule pafoni. Ena amaona ngati kupempha pepala n'kusakhulupirira abwana, koma pepalalo limateteza inu kwambiri, makamaka tsiku limene abwanawo ali kunja ndipo mwana wawo kapena kalaliki watsopano akukuimbirani kuti mubweretse yonse mawa. Popeza simungapite ku Lilongwe Lachisanu lililonse, gwirizanani akaunti ya kubanki kapena nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene ili ya bizinesi, ilembedwe papepalapo, ndipo mukatumiza muziwatumizira uthenga wotsimikizira nthawi yomweyo. Ndalama ya ngongole musapatsire dalaivala kapena selezimani popanda lisiti la kampani, ngakhale mumamudziwa chotani.

Pa chikole ndi macheke chenjerani. Ngati muli ndi buku la macheke, akhoza kupempha kuti mulembe macheke a madeti a kutsogolo. Cheke chikabwerera kubanki chifukwa mu akaunti mulibe ndalama, banki imakulipiritsani, dzina lanu limada kubankiko, ndipo nkhani imene inali ya kuchedwa imayamba kuoneka ngati ya chinyengo. Musalembe cheke cha tsiku limene simukutsimikiza. Chikole nacho chilingane ndi ngongole. Firiji kapena njinga yamoto zingakambidwe, ndipo zilembedwe kuti zidzabwezedwa liti. Mapepala a nyumba kapena a munda musawatulutse pa ngongole ya K1,600,000, ndipo chinthu cha banja musachiike chikole bambo akunyumba asakudziwa.

Tinene kuti yafika sabata yachisanu ndi chiwiri, mvula yagwa masiku anayi, ndalama yosunga ija yathera kuchipatala, ndipo muli ndi K50,000 yokha. Lamulo ndi lomwe lija la poyamba. Imbani Lachitatu, osati Loweruka. Tumizani K50,000 pa tsiku lake, ndipo munene deti limene K30,000 ifike. Musadikire kuti ikwane kaye K80,000 ndiye mutumize mochedwa, chifukwa Lachisanu lopanda kanthu m'buku limaoneka moipa kuposa Lachisanu loperewera. Izi zingachitike kamodzi, mwina kawiri pa masabata 16. Zikachitika katatu motsatizana, vuto silili pa mvula, nambala yanu idalakwika, ndipo muyenera kubwereranso kukakhala pansi m'malo momangopepesa sabata ndi sabata.

Pali pamene nkhaniyi imaposa kukambirana kwa anthu awiri. Mwa manambala amene mwapereka, kashi, katundu wogona ndi ngongole za makasitomala zikukwana K2,300,000, pafupi kwambiri ndi ngongole yanu, ndiye vuto lanu ndi la nthawi, bizinesi ikadali yamoyo. Koma ngati powerenga usiku uja mupeza kuti pali ngongole zina zimene simudazitchule, kubanki mkhonde, kwa eni nyumba, kuholoselo ina, ndipo zonse pamodzi zikuposa kutali zimene muli nazo, musapange lonjezo kwa mmodzi musanaone chithunzi chonse. Pezani munthu wodziwa kuwerengera ndalama za bizinesi akuthandizeni kuona ngati golosaleyo ikupanga phindu n'komwe, chifukwa ndondomeko yobweza siichiritsa shopu imene ikudya mpamba wake. Ndipo ngati zinthu zitaipa, abwana n'kuyamba kuopseza kuti atumiza anyamata kudzatenga katundu kapena apolisi kudzakugwirani, dziwani kuti kulephera kubweza ngongole ya malonda imene mudaitenga moona mtima ndi nkhani ya kukhoti la milandu ya pakati pa anthu, ndipo kulanda katundu mokakamiza kumafuna chilolezo cha khoti. Pamenepo, kapena mukalandira samani, kapena akakupatsani chipepala chachitali cha Chingerezi choti musayine pomwepo, kafunseni loya kapena a Legal Aid Bureau musanayike dzina lanu. Samani musaibise pansi pa matiresi, tsiku la kukhoti mukapezekeko ndi malisiti anu onse.

Sindikuganiza kuti zifika kumeneko. Mwa anthu amene ankabwera okha mu ofesi yathu tsiku lisanakwane, ndalama ina ili m'manja, pepala lili m'chikwama, sindikumbukira amene adabwezedwa chimanjamanja. Ndimakumbukira mayi wina wa ku Mulanje amene adafika ndi kope la ana asukulu lokutidwa ndi pepala la shuga, atalemba magawo ake ndi pensulo. Bwana adawerenga, adafufuta nambala imodzi n'kuitsitsa yekha, akuti, "Iyi simungaikwanitse mu Febuluwale." Mukamaliza gawo lotsiriza mu Meyi, pemphani kuti akulembereni papepala lija kuti ngongole yatha, asayine ndi kudinda. Ndipo Disembala ikubwerayi, katundu wa Khirisimasi mudzaode kawiri, theka kumayambiriro kwa mwezi, theka lina pokhapokha loyambalo litayenda.